Kulimba mtima sikukhala m'magazi

"Mayi, makolo athu atamwalira ndinali ndi zaka 17. Ndinalera ndekha abale anga atatu, ndipo aliyense ankati ndine mkazi wolimba. Pano ndili ndi zaka 36. Ntchito inandithera miyezi isanu yapitayo, ndipo zikundikanika ngakhale kudzuka m'mawa. Komatu zimene ndinapirira kale zinali zazikulu kuposa izi. Kodi kulimba mtima kumatha ngati mafuta a m'nyale? Kapena sindinali wolimba n'komwe?"

Achemwali anga, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndinali ndi nkhani ina yoti ndilembe sabata ino, koma ndayamba ndaiika pambali, chifukwa funso lanu lomalizalo inenso ndinadzifunsapo, mawu ake omwewo, nditakhala pansi m'bafa, nsapato imodzi ili kuphazi ina ili m'manja. Mundilole ndiyambire pamenepo.

Bambo anga ankamwa. Sindikunena kamwedwe kosangalala ndi anzawo ayi, ndikunena kamwedwe koti ana tinkadziwa mmene usiku utithere pongomva mmene chitseko chatsegukira. Mayi anga ankadwaladwala, miyezi ina yathunthu osatuluka m'chipinda. Ndili ndi zaka 11 ndinali nditadziwa kale kubisa ndalama za mankhwala, kugoneka ang'ono anga msanga mkangano usanayambe, ndi kunama kusukulu chifukwa chimene ndachedwera. Koma m'kalasi ndinkakhoza. Anthu ankandiloza n'kumauza ana awo kuti, "Mukumuona mnzanuyo? Kwawo kuli moto koma sagwedezeka." Ine ndinkamva kukoma. Ndinakula ndikukhulupirira kuti muli kanthu kena m'thupi mwangamu, kolimba ngati chitsulo, kamene anzanga alibe.

Ndiye ndili ndi zaka 33 ndinasamukira kutali chifukwa cha ntchito yabwino, kumalo kumene sindinkadziwa aliyense. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri, bwana wina anandinyoza pamsonkhano, pamaso pa anthu onse, n'kundilanda ntchito imene ndinaivutikira chaka chisanathe. Basi, zinali zomwezo. Palibe anamwalira, palibe anandimenya. Koma m'mawa wotsatira ndinavala nsapato imodzi, inayo inandikanika. Ndinakhala pansi pamenepo mpaka dzuwa linafika pawindo la mbali inayo. Tulo tinathawa, chakudya chinasiya kukoma, foni ikalira mtima unkagunda ngati ndaba. Ndipo chimene chinkandipweteka koposa sichinali bwanayo. Chinali manyazi. Ndinkati, mwana uja ankayang'anizana ndi bambo woledzera usiku uliwonse, lero wagwetsedwa ndi mawu a pamsonkhano? Ndiye kuti chitsulo chija chinali bodza.

Zinanditengera zaka, komanso kubwerera kusukulu kukaphunzira za kakulidwe ka ana ndi maganizo a munthu, kuti ndione chimene ndinkachilumpha nthawi zonse pofotokoza za ubwana wanga. Ndinkafotokoza za bambo, za matenda a mayi, za ine. Sindinkatchula azakhali anga, amene ankabwera Loweruka lililonse osaphonya, n'kundikhazika pakati pa miyendo yawo kundipesa tsitsi, akundifunsa kuti, "Sabata ino zinali bwanji, undiuze zoona." Sindinkatchula aphunzitsi anga ena amene tsiku lina anandiitana ana onse atatuluka, n'kundipatsa kiyi wa kabati ya mabuku. Kiyiyo anali pa kachingwe kofiira. Anati, "Kuyambira lero mabuku awa woyang'anira ndiwe. Uzibwera msanga, uzichoka mochedwa." Ine ndinkayesa andipatsa ntchito. Pano ndikudziwa kuti anandipatsa maola awiri tsiku lililonse kumalo kopanda phokoso, anandipatsa chifukwa chodzukira, ndipo anandisandutsa wowerenga. Ankadziwa za kwathu, ngakhale sananditchulire ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsopano tayerekezerani. Pa zaka 11 vuto linali lalikulu, koma ndinali ndi munthu wondifunsa zoona sabata iliyonse, ndinali ndi malo othawirako, ndinali ndi ntchito yoti ndikapanda kubwera ena adandaula, ndinali ndi chinthu chimene ndinkachichita bwino anthu n'kuchiona. Pa zaka 33 vuto linali laling'ono, koma azakhali anali atamwalira, anzanga anali kutali, ndinkabwerera m'nyumba yopanda munthu, ndipo chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinkadziona nacho kuti ndine munthu, ntchito ija, n'chimene chinamenyedwa. Ine ndinali yemweyo. Nsanamira ndi zimene zinali zitachoka imodziimodzi, ine osazindikira, mpaka kamphepo kakang'ono kanagwetsa denga.

Si ine ndinatulukira zimenezi. Pachilumba cha Kauai, ku Hawaii, Emmy Werner ndi Ruth Smith anatsatira moyo wa ana 698 obadwa m'chaka cha 1955, kuyambira ali makanda mpaka atakwanitsa zaka 40. Ana 201 mwa iwo anali pa chiopsezo chachikulu: asanapitirire zaka 2 anali atakumana kale ndi mavuto anayi kapena kuposerapo, monga umphawi, zovuta pobadwa, mikangano yosatha ya makolo, uchidakwa kapena matenda a maganizo m'banja. Mwa ana 201 amenewa, 129 anadzakhaladi ndi mavuto aakulu, ena kusukulu pofika zaka 10, ena milandu, matenda a maganizo kapena mimba pofika zaka 18. Koma 72 anakula bwinobwino, n'kukhala anthu okhoza ntchito ndi osamala ena.

Anthu ambiri akamafotokoza kafukufukuyu amalekezera pa 72 aja, ngati kuti nkhani yake ndi ya ana apadera. Ine chimene chimandigwira mtima ndi 129 aja. Ofufuzawo atawayenderanso ali ndi zaka 32, kenako 40, anapeza kuti ambiri mwa iwo anali atakhazikika. Anali pa ntchito, anali ndi mabanja, moyo ukuyenda. Atafufuza kuti chinasintha n'chiyani, zinthu zake zinali zooneka ndi maso: wina anabwerera kusukulu atakula kale, wina analowa usilikali n'kuphunzira luso, wina anapeza mwamuna kapena mkazi wokhazikika maganizo, nthawi zina pa banja lachiwiri, wina analowa mumpingo umene unamulandira n'kumupatsa chochita. Chikhala kuti kudzukanso pambuyo pa mavuto ndi chinthu chobadwa nacho, ngati mtundu wa magazi, anthu amenewa akanakhala ogwa mpaka kalekale. Wa zaka 18 "wosalimba" uja ndi yemweyo wa zaka 32 "wolimba". Chinasintha ndi chimene chinamuzungulira, ndi chimene iye anachita nacho khomo litatseguka.

Ndipo msewu umenewu umayendedwa mbali zonse ziwiri. Ngati wogwa angadzuke zinthu zikasintha, woima angagwenso zinthu zikasintha. Palibe chodabwitsa pamenepo, ndiponso palibe chochititsa manyazi.

Pano ndilankhule mosabisa, chifukwa nkhani iyi imandiwawa. Mawu akuti "ndiwe wolimba" ndimadana nawo. Kale ndinkati ndi chiyamikiro chabe chosalakwa. Pano ndikuona kuti kawirikawiri ndi njira yaulemu yothawira munthu. Tikamuuza mwana wa zaka 17 amene wasenza banja kuti ndi wolimba, tadzimasula tokha. Wolimba safunika kumuyendera. Wolimba safunsidwa ngati wagona. Ndipo mwanayo amamva uthenga wake bwinobwino: anthu akundikonda chifukwa sindikuwavutitsa. Ndiye amaphunzira kusavutitsa. Amafika zaka 30, 40, asanaphunzire chinthu chimene anzake "ofooka" anachiphunzira kalekale, kutsegula pakamwa n'kunena kuti ndithandizeni. Mwa anthu amene ndakhala nawo pansi kumva nkhani zawo, amene amachedwa kwambiri kufuna thandizo ndi omwe ankatamandidwa kuti ndi olimba. Amabwera zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala.

Ngakhale ofufuza enieniwo anayambira m'cholakwika chomwechi. M'zaka za m'ma 1970 ankalemba za ana "osavulazika". E. James Anthony ankapereka fanizo la zidole zitatu, chagalasi, chapulasitiki ndi chachitsulo, zomenyedwa ndi nyundo imodzi: choyamba chimasweka, chachiwiri chimatsala ndi chipsera, chachitatu chimangolira ngwee. Fanizo lokoma kumva, koma limaika nkhani yonse m'chidolecho. Silifunsa kuti nyundoyo yamenya kangati, kapena ngati panali dzanja lotchinga. Kafukufuku wotsatira anaonetsanso kuti chidole chachitsulocho kulibe. Mu 1991 Suniya Luthar anafufuza achinyamata a m'madera osauka a mumzinda ku America, amene ankakumana ndi mavuto ambiri koma kusukulu akuchita bwino. Kunja ankaoneka opambana, koma atawafunsa za mumtima anapeza kuti anali ndi nkhawa ndi chisoni chochuluka kuposa anzawo ochita bwino amene analibe mavuto otero. Patapita zaka, Gene Brody ndi anzake anafufuza achinyamata akuda a kumidzi ya ku Georgia, ku America komweko. Mwa ochokera m'mabanja osaukitsitsa, amene anali odziletsa kwambiri ndi okhoza kusukulu ndi omwe matupi awo ankaonetsa zizindikiro za kutopa ndi kupanikizika, monga kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa timadzi timene thupi limatulutsa munthu akakhala pa nkhawa. Munthu akhoza kuima chilili mbali ina ya moyo, mbali ina akugwera pansi. Ngongoleyo imalembedwa penapake, ndipo tsiku lina imadzafunsidwa.

Pali kanthu kenanso ka mawu. Timati "kupirira", ndipo m'mawu amenewa muli kuluma mano, kukhala chete, kudikira kuti zithe. Zimene ofufuzawa amayeza si zimenezo. Iwo amafunsa mafunso awiri: kodi munthuyu wakumana ndi vuto lenileni lotha kumusokoneza? Nanga pano akuyenda bwanji pa zinthu zoyenera msinkhu wake, sukulu, ntchito, ubale ndi anthu, thanzi? Munthu akhoza kupirira zaka 20 m'nyumba ya nkhanza, chete, koma akutha ngati sopo. Wina akhoza kulira, kukuwa, kuthawa, kupempha, n'kudzapezeka kuti wachira. Wachiwiriyu ndi amene wadzukanso.

Nanga zimene zimatchinjiriza munthu m'mavuto ndi ziti?

Chodabwitsa n'chakuti mndandanda wake ndi waufupi, ndipo umabwerezeka m'mayiko osiyanasiyana. Ann Masten wa ku yunivesite ya Minnesota analemba mu 2001 kuti palibe mphamvu yachilendo imene imapulumutsa ana m'mavuto. Ndi zinthu wamba zimene zimakulitsa mwana aliyense, bola zisawonongeke.

Choyamba, chimene chimaposa zonse, ndi munthu. Ana 72 a ku Kauai aja anali ndi mwayi wogwirizana kwambiri ndi wamkulu mmodzi wokhazikika maganizo ali aang'ono. Nthawi zambiri sanali mayi kapena bambo. Anali agogo, azakhali, mkulu wawo, kenako mphunzitsi kapena mnansi. Chofunika si kuchuluka kwa anthu. Mukhoza kukhala ndi manambala mazana m'foni koma opanda munthu. Chofunika ndi woti amabweranso, amadziwa zoona zake za moyo wanu, ndipo mukasowa amakufunani. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe; ofufuza anangodzawerengetsa chimene mwambiwo unanena kale.

Chachiwiri ndi kudziona kuti zochita zanga zimasintha kanthu. Izi sizibwera ndi kudziuza pagalasi. Zimabwera munthu akachitadi chinthu n'kuona zotsatira. Ku Kauai, kudziwa kuwerenga bwino pofika zaka 10 chinali chimodzi mwa zizindikiro zamphamvu zakuti mwana wa pa chiopsezo adzakhala bwino atakula. Ambiri mwa ana amenewa analinso ndi udindo wosamalira ena, m'bale wamng'ono kapena kholo lodwala. Udindo umatchinjiriza ukakhala wa saizi ya mwanayo ndipo wina akuuona n'kuuyamikira. Ukapyola pamenepo, n'kumudyera sukulu ndi tulo, umasanduka katundu wothyola msana. Kiyi wa kachingwe kofiira uja anali wa saizi yanga. Kubisa ndalama za mankhwala sikunali kwa saizi yanga.

Zilipo zina: luso lodzigwira mtima ukatentha, chikhulupiriro kapena chinthu chopatsa moyo tanthauzo, sukulu yoyenda bwino. Ndipo ndisaname, chibadwa chilinso ndi mbali yake. Makanda ena amabadwa ofatsa, osavuta kugona ndi kudya, omwetulira msanga, ndipo ana otero anali ochuluka pakati pa 72 aja. Koma taonani mmene chibadwacho chimagwirira ntchito: khanda lomwetulira limakopa akuluakulu, amalinyamula, amalikonda. Ndiye kuti ngakhale chibadwacho chimadzera mwa anthu omwe. Khanda lomwelo muliike pamalo popanda wolinyamula, kumwetulira kwake sikulipulumutsa.

Izi zinaoneka momvetsa chisoni ku Romania. Ulamuliro wa mtsogoleri wa dzikolo, Ceaușescu, utagwa mu 1989, dziko lapansi linaona ana masauzande ali m'nyumba zosungira ana, atagonekedwa m'timabedi tsiku lonse popanda wowanyamula kapena kuwalankhula. Michael Rutter ndi anzake anatsatira ana 165 amene anatengedwa ndi mabanja a ku Britain. Amene anachotsedwa m'nyumbazo asanakwanitse miyezi 6 anakula pafupifupi ngati ana ena onse oleredwa. Mwa amene anakhalitsamo kuposa pamenepo, ambiri anatsala ndi mavuto, monga kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kuzolowerana ndi alendo mopanda malire, mpaka atakula, ngakhale mabanja awo atsopano anali achikondi. Nkhani imeneyi ndimaikumbutsa aliyense wokonda kunena kuti "ana amapirira, aiwala". Kudzukanso kuli ndi malire ake, ndipo nthawi imene thandizo lafikira ndi yofunika.

Koma kafukufuku wa Rutter amene ndimamukonda kwambiri ndi wina, amene anachita ndi David Quinton, wa atsikana amene anakulira m'nyumba zosungira ana ku London, n'kuwayenderanso atakula, ambiri ali kale ndi ana awo. Ambiri zinkawavuta pa kaleredwe ka ana. Koma amene anali ndi amuna owathandiza ndi omvana nawo ankalera ana awo bwino, mosasiyana kwenikweni ndi amayi amene anakulira kwa makolo. Munthu angati, ndi mwayi basi, anakumana ndi mwamuna wabwino. Ofufuzawo anabwerera m'mbuyo kuti aone mwayiwo unachokera kuti. Anapeza kuti amene anapeza amuna otero nthawi zambiri ndi amene sanathamangire banja pothawa mavuto, anayamba amudziwa munthuyo kwa miyezi yoposa 6 asanakhalire limodzi. Nanga ndani ankatha kudikira chotero? Makamaka amene kusukulu anapezako chinthu chowayendera bwino. Sikuti mayeso okha ayi, ngakhale masewera, nyimbo, udindo wina wake, kapena mphunzitsi wogwirizana naye. Kuchita bwino pa kanthu kamodzi kunawaphunzitsa kuti moyo ukhoza kukonzedwa, kukonzako kunawapatsa mnzawo wabwino, mnzawoyo anatchinjiriza ana awo. Ndi unyolo, mphete ina kukoka inzake. Mukafunsa kuti kulimba kwa mayi ameneyu kuli pati, mundilozera mphete iti? Kuli mwa iye, kuli mwa mphunzitsi uja, kuli mwa mwamunayo, ndipo kwatenga zaka khumi ndi zingapo kuti kupangike.

Unyolo woipa umayendanso chimodzimodzi. Ntchito si ndalama zokha. Ndi ola lodzukira, ndi anthu okupatsani moni m'mawa, ndi malo oonetsera luso, ndi yankho mukafunsidwa kuti mumatani. Ikatha, zinthu zinayi kapena zisanu zimachoka tsiku limodzi. Manyazi amakutsekerani m'nyumba, kudzitsekera kumadula anthu, anthu akachepa nkhani za mwayi wina sizikufikani, tulo timasokonekera, ndipo wosagona sakonza za mawa. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona mabungwe akuitanira antchito awo ku maphunziro a "kulimba mtima" kwinaku akuwasenzetsa ntchito ya anthu atatu. Wofufuza wina, Michael Ungar wa ku Canada, wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti nkhaniyi ili pawiri: munthu athe kupita kumene kuli thandizo, komanso thandizolo likhalepodi, m'njira yoti munthuyo angalilandire. Kuphunzitsa munthu kusambira kwinaku ukumuthira madzi ena ndi nkhanza.

Ine chimene chinandidzutsa pansi paja sichinali chitsulo. Anali mayi wina woyandikana naye nyumba, amene anaona kuti makatani anga sanatsegulidwe masiku anayi. Anagogoda, sindinatsegule. Anabweranso mawa lake. Tsiku lachitatu ndinatsegula, ndipo sanandifunse zambiri, anangoti, "Mwana wanga masamu akumuvuta, mungamamuthandizeko madzulo?" Kenako anandiperekeza kwa dokotala, chifukwa chimene ndinali nacho chinali matenda, ndipo chinafuna chithandizo. Mpaka lero sindidziwa ngati mwanayo masamu ankamuvutadi.

Tsono achemwali, chochita chake n'chachifupi. Tengani pepala, mulembe mbali ziwiri, nthawi ijayo ndi pano. Mbali iliyonse muyankhe: ndani ankadziwa zoona za moyo wanga? Ndani ankandifuna m'mawa uliwonse? N'chiyani ndinkachita bwino anthu n'kuona? Ndinkagona bwanji? Pamene mbali ya pano yatsala yoyera, pamenepo ndi poyambira, ndipo muyambe ndi chimodzi chokha. Muzidzuka ola limodzimodzi ngakhale kulibe kopita, ndipo mupeze kanthu koti wina azikudikirani kawiri kapena katatu pa sabata. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mtima wakhala wolemera pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Ngati maganizo ofuna kufa akubwera, musadikire milungu iwiriyo, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite kuchipatala.

Abale atatu aja pano ndi akuluakulu. Ndikukayika ngati akudziwa mmene zinthu zilili, chifukwa munawaphunzitsa nokha kuti inu simusowa kanthu. Sankhani mmodzi, mumuimbire, ndipo akakufunsani kuti muli bwanji musayankhe kuti muli bwino. Mundilemberenso pakatha milungu iwiri, mundiuze amene munamuimbira ndi zimene anayankha.